Za Kapepala ka Malipiro ndi Msonkho Wodula pa Mwezi

Mwezi ukatha, ogwira ntchito a ku Liwonde, a ku Ntaja ndi a m'tauni ya Balaka amalandira kapepala kamene ambiri amakatcha peyisilipi, ndipo maso awo, monga mwa chibadwa cha munthu, amathamangira pa mzere wotsiriza pamene palembedwa ndalama zolowa m'thumba, osalabadira mizere yapamwamba imene inabala chiwerengerocho. Komatu akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo iye amene adekha nawerenga kapepalako kuyambira pamwamba adzapeza kuti msonkho umene wadulidwa suchokera m'mutu mwa kalaliki wa malipiro, koma uli ndi njira yake yoikika, imene munthu aliyense wodziwa kuchotsera ndi kuchulukitsa angathe kuilondola yekha ndi pensulo.

Pamwamba pamakhala malipiro a pangano, aja munagwirizana ndi okulembani ntchito, amene pa pepala amalembedwa Basic Salary. Pansi pake pamabwera zoonjezera, monga alawansi ya nyumba, ndalama za ovataimu ndi bonasi, ndipo zonsezi zikaphatikizidwa zimabala Gross Pay, imene anthu a mu ofesi amangoti gulosi. Pano ndi pamene ambiri amaphunthwa, poyesa kuti boma limayang'ana malipiro a pangano okha ndi kulekerera maalawansi. Iyayi, ndalama imene bwana akupatsani m'manja chifukwa cha ntchito yanu, ngakhale aitche dzina lotani, kawirikawiri imalowa m'gulosi, ndipo msonkho wa PAYE umayezedwa pa gulosiyo. Msonkhowo bwana amaudula musanaone ndalamazo, naupereka ku bungwe la Malawi Revenue Authority pofika pa 14 mwezi wotsatira. Motero wantchito wa lero, mosiyana ndi agogo ake amene ankathawira kuthengo amesenjala a msonkho wa nyumba akalowa m'mudzi, amakhoma msonkho wake osaugwira n'komwe.

Tsono chinthu chimene chiyenera kumveka koposa zonse n'chakuti gulosi sidulidwa yonse ndi muyeso umodzi, koma imagawidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi muyeso wake. Tiyeni titenge magawo amene anayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, pokumbukira kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo amawasintha pokambirana za bajeti, kotero kuti wowerenga ayenera kufunsa magawo a mwezi umene kapepala kake kanalembedwa. M'magawo amenewo K150,000 yoyamba pa mwezi inalibe msonkho. K350,000 yotsatira, ndiko kuti kufikira K500,000, inkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Ndalama yopyola pamenepo kufikira K2,550,000 inkadulidwa K30 pa K100. Ndipo yopitirira apo inkadulidwa K35.

Tiyerekeze, potsata magawo a 2024 aja, kuti pali bambo wina wosunga katundu pa malo ogona alendo pafupi ndi mtsinje wa Shire ku Liwonde, amene malipiro ake a pangano ndi K480,000, alawansi ya nyumba K90,000, ndipo mwezi uno, chifukwa alendo odzaona njovu anachuluka, wagwira ovataimu ya K30,000. Gulosi yake yakwana K600,000. Kalaliki woidziwa ntchito yake amapatula poyamba K150,000 osaikhudza. Pa K350,000 yotsatira amatenga limodzi mwa magawo anayi, ndiyo K87,500. Yotsala pamwamba pa K500,000 ndi K100,000 yokha, ndipo imeneyi yokha ndiyo imadulidwa K30 pa K100, kubala K30,000. Ziwirizi pamodzi zikwana K117,500, ndipo ichi ndicho chiwerengero choyenera kuoneka pa mzere wa PAYE.

Ndamvapo anthu olemekezeka, ena a iwo ophunzira bwino, akudandaula m'minibasi ya pakati pa Liwonde ndi Balaka kuti kukwezedwa malipiro n'kopanda pake, pakuti munthu akangodutsa K500,000 boma limamudya K30 pa K100 ya malipiro ake onse. Zikadakhala choncho, bambo wathuyu akadadulidwa K180,000, ndipo dandaulo lake likadakhala lolungama. Koma taona kuti wadulidwa K117,500, kusiyana kwake K62,500. Muyeso wokwera umagwera ndalama yokhayo imene yalowa m'gawo lokwera, monga madzi amene amayamba kugwera m'ndowa yachiwiri pokhapokha yoyamba itadzaza. Tingayese izi pochotsa ovataimu ija: gulosi ikadakhala K570,000, msonkho ukadakhala K87,500 kuonjeza K21,000, ndiyo K108,500. Motero pa K30,000 ya thukuta la usiku boma latenga K9,000, ndipo K21,000 yapita kwa mwini wake. Kuti K9,000 ndi yowawa sindikana, makamaka thumba la chimanga likakwera mtengo m'miyezi ya njala. Koma palibe munthu amene amasauka chifukwa malipiro ake akwera.

Pansi pa msonkho pamandandalikidwa zodula zina, zimene anthu amaziunjika pamodzi ndi kuzitcha zonse msonkho, pamene sizili msonkho konse. Penshoni ndi ndalama yanu yomwe, yosungidwira ukalamba wanu: lamulo la penshoni limafuna kuti wantchito apereke zosachepera K5 pa K100, ndipo bwana aonjezere zosachepera K10 kuchokera m'thumba lake, zimene siziyenera kuchotsedwa pa malipiro anu. Ngati penshoni ya bambo uja iwerengedwa pa malipiro a pangano, adzadulidwa K24,000. Tinene kuti alinso ndi ngongole ku sako ya pantchito, imene amabweza K60,000 pa mwezi. Ngongoleyi sichepetsa msonkho ngakhale ndi tambala imodzi, pakuti boma linayeza kale gawo lake pa gulosi wangongole asanafike. Pochotsa K117,500, K24,000 ndi K60,000 pa K600,000, patsala K398,500, ndiyo Net Pay imene maso aja anathamangira poyamba.

Zolakwika zimachitika ndithu, ndipo zimachuluka m'makampani ang'onoang'ono ndi m'masukulu a eni ake, kumene malipiro amawerengedwa ndi munthu mmodzi pa kompyuta yakale. Chofala kwambiri ndicho kupitiriza ndi magawo a chaka chatha boma litasintha kale. Pamene gawo lopanda msonkho linakwera kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 mu Epulo 2024, mphunzitsi wa pa sukulu yotere ku Ulongwe, wolandira K300,000, anayenera kudulidwa K37,500, ndiko kuti limodzi mwa magawo anayi a K150,000. Koma kalaliki woiwala akadamudula K50,000, nam'tayitsa K12,500 mwezi ndi mwezi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ikani kapepala ka Malichi pambali pa ka Epulo, ndipo ngati gulosi ndi yomweyo ndi msonkho ndi womwewo pamene magawo asintha, pitani ku ofesi ya malipiro mwaulemu ndi mapepala onse awiri m'manja.

Cholakwa china, chimene ndi choipa koposa chifukwa sichioneka pa kapepala, ndicho bwana kudula msonkho koma osaupereka kumene uyenera kupita. Pa ichi mboni ya wantchito ndi mapepala ake, ndi chikalata cha P9 chimene bwana amapereka pa kutha kwa chaka cha msonkho, chosonyeza malipiro onse a chakacho ndi msonkho wonse wodulidwa. Muphatikize mizere ya PAYE ya miyezi yonse ya chakacho, ndipo chiwerengero chimene mupeze chifanane ndi cha pa P9. Chikasiyana, muli ndi chifukwa chokwanira chokafunsira kwa bwana, ndipo iye akakana kulongosola, kwa a MRA eni ake.