Zovala Zikatuluka M'makina Ochapira Zikuthonthabe Madzi

Makina ochapira zovala akatsiriza ntchito koma zovala n'kutuluka madzi ali chuchuchu, anthu ambiri amafulumira kunena kuti mota yapsa. Koma kawirikawiri mota imakhala ili bwinobwino. Makina odziyendera okha, maka aja otsegulira kutsogolo, anapangidwa moti amakana kufinya zovala akaona kuti kutero kungawawononge.

Pofinya, mgolo wa makinawa umazungulira maulendo 1,000 kapena 1,400 pa mphindi imodzi. Liwiro lotereli silingatheke madzi akadali mumgolo, choncho muli kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi, ndipo makina sayamba kufinya kufikira kachipangizoka katasonyeza kuti madzi atha. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuona n'chakuti kaya pansi pa mgolo patsala madzi kapena ayi.

Ngati madzi alipo, vuto lili panjira yotulukira madziwo. Makina a LG amalemba OE pa galasi lawo, pamene a Samsung amalemba 5E kapena 5C. Nthawi zambiri chatseka ndi sefa ya pampu, imene imapezeka kuseri kwa kachitseko kakang'ono m'munsi mwa makina, chakutsogolo.

Mwachitsanzo, tinene kuti makina achapa mayunifomu a ana asukulu, ndipo pomaliza pampu ikungolira koma paipi sikutuluka kanthu. Mwini makina ayenera kuyamba wazula pulagi ku soketi ndi kudikira kuti madzi azizire ngati anachapira otentha. Kenaka ayale thaulo pansi ndi kuika beseni losaya pafupi ndi kachitsekoko, popeza m'katimo mumakhala madzi okwana malita angapo. Makina ambiri ali ndi kapaipi kakang'ono pambali pa sefa; madzi atulutsidwe pang'onopang'ono kudzera m'kapaipika. Pamene kapaipika palibe, chivindikiro cha sefa chipotokoledwe pang'ono chabe chakumanzere, n'kumatsekanso beseni likadzaza. Amene amatsegula chivindikirochi kamodzin'kamodzi amatha tsikulo akukolopa m'nyumba.

Madzi akatha, sefa isololedwe yonse. Zopezekamo zimakhala zomwezomwezo: ndalama yachitsulo yoiwalika m'thumba la kabudula, batani, kapini wa m'tsitsi, ndi ulusi wopotana. Kumapeto kwa bowo lomwe sefa yachokamo kuli timapiko ta pampu, ndipo tiyenera kuzungulira tikakankhidwa ndi chala. Timayenda modumphadumpha chifukwa cha maginito a m'pampu, ndipo izi si vuto. Vuto ndi pamene takaniratu kusuntha. Sefa ikatsukidwa ibwezeredwe ndi kumangidwa zolimba, kenaka makina ayatsidwe pa Spin pokha. Madzi akakanabe kutuluka, paipi ya kumbuyo ionedwe ngati yapindika kapena yapanikizika ndi khoma.

Koma ngati mumgolo mulibe madzi pamene zovala zili zonyowa kwambiri, nthawi zambiri katundu anaunjikana mbali imodzi. Asanayambe liwiro lalikulu, makina amatembenuza zovala uku ndi uku pofuna kuti zimwazikane mofanana. Akalephera kangapo, amachepetsa liwiro kapena kusiyiratu, ndipo ambiri amalemba UE. Chodabwitsa n'chakuti izi zimachitika kwambiri zovala zikachepa. Bulangete limodzi likamwa madzi limalemera kwabasi ndipo limakhala ngati mtolo mbali imodzi ya mgolo, popanda cholingana nalo mbali inayo. Mankhwala ake ndi kulitambasula, kuonjezerapo mataulo awiri kapena atatu, n'kuyambiranso kufinya.

Sopo nayenso amasokoneza. Sopo wa ufa wochapira m'beseni amachita thovu lambiri, ndipo thovulo limanamiza kachipangizo koyeza madzi kaja, makina n'kumaona ngati mgolo sunaphwe. Thovu likaoneka pa galasi la chitseko pomaliza, zovala zitsukuluzidwenso popanda sopo. Ndi bwinonso kuonetsetsa kuti wina sanasankhe No Spin kapena Rinse Hold, chifukwa pamenepo makina amakhala akungomvera zimene auzidwa.

Mmisiri amafunika pamene zonsezi zayesedwa koma osathandiza. Mota ikamamveka kulira koma mgolo osazungulira ngakhale pochapa, mwina lamba wa kumbuyo waduka kapena wavuka, ndipo zikatero mgolo umapepuka modabwitsa ukazunguzidwa ndi dzanja. Mgolo ukamayenda pochapa koma n'kulephera kukweza liwiro ngakhale mulibe zovala, kawirikawiri timakala ta m'mota taperepeseka. Makina amene mota yake inalumikizidwa mwachindunji ku mgolo alibe lamba kapena timakalati, choncho mmisiri ayenera kuuzidwa mtundu wa makinawo ndi zilembo zimene analemba pa galasi asananyamuke ndi zipangizo zake.