Musamulamule namfedwa pa Khirisimasi

Achimwene anga anatisiya mu Juni, ndipo tinawaika kwathu ku Nsipe. Disembala atafika, mng'ono wanga amene ali ku Joni ananditumizira uthenga woti ndiuone asanautumize kwa alamu athu. Unali wotere: "Alamu, Khirisimasi yabwino! Musadandaule, limbani mtima, iwalani zakale, sangalalani ndi ana." Mtima wake unali wabwino, koma ndinamuuza kuti adikire kaye.

Tawerengani aneni a mu uthengawo: musadandaule, limbani, iwalani, sangalalani. Onse anayi ndi olamula. Munthu amene wakhala miyezi isanu ndi umodzi akugona yekha m'nyumba, amene mvula ino wadzala yekha munda umene ankalima awiri, tikumupatsanso ntchito zinayi zoti agwire pofika pa 25. Akalephera kusangalala adziona ngati walakwira abale.

Mawu akuti "musadandaule" ndiwo amandipweteka kwambiri. Ndi mawu abwino pamalo pake: minibasi yachedwa pa siteji, mwana waswa mbale, ngongole sinabwezedwe. Amatanthauza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono ndipo ikonzeka. Imfa ya mwamuna siikonzeka. "Limbani mtima" ali ndi nthawi yake, pa siwa, pamene thupi lili m'nyumba ndipo namfedwa akufunika mphamvu zofikira kumanda. Kuwabwereza pa Khirisimasi kumamveka ngati tikuti kulira kwakwana. Za "iwalani" sindinena zambiri. Ngakhale kumeta kutachitika, palibe anaiwalapo munthu amene ankadya naye mbale imodzi.

Chichewa chili kale ndi mawu ake: pepani. Achinyamata ena amawazemba poganiza kuti ndi ovomera kulakwa basi. Ayi. Timati pepani kwa munthu amene wapunthwa pa chitsa chimene sitinachiike ndife. Pamaliro amatanthauza kuti ululu wanuwo tauona. Ndipo sachedwa. Amene anali kutali tsiku la maliro amabwera ngakhale patapita miyezi kudzapepesa, atanyamula chipepeso, kaya ufa, kaya nkhuku, kaya kandalama. Mng'ono wanga maliro anawamvera pa foni, choncho uthenga wake unayenera kuyambira pamenepo.

Chinanso, mu uthenga uja achimwene munalibemo. Ambiri timaopa kutchula womwalira poganiza kuti tidzutsa chisoni, ngati kuti alamu anali ataiwala. Atchuleni, koma mosamala. "Malemu" ndi mawu aulemu ndithu, oyenera pa chilengezo cha m'tchalitchi kapena pa msonkhano wa kwa amfumu, koma m'kalata ya pachibale amazizira. Nenani monga munkawaitanira ali moyo: achimwene, malume, bambo a ana. Kuno kwa Angoni a kwa Gomani, kumene munthu wamkulu timamulemekeza ndi chiwongo chake, kutchula chiwongocho kumafika pamtima kuposa dzina la ubatizo. Ndipo ndi "anatisiya" kapena "anamwalira", osati "anafa". Ndimakonda "anatisiya" chifukwa cha ka "ti" kali pakatipo: kakusonyeza kuti osiyidwa si alamu okha.

Tinaulembanso uthengawo motere: "Alamu, pepani kuti Khirisimasi ino ikupezani achimwene palibe. Ndakumbukira momwe ankathamangitsira tambala m'mamawa kuti tidyere mpunga tikachokera ku Misa. Ifenso kuno tikuwasowa. Ndatumiza kangachepe ka feteleza wobereketsa, ndipo ndikuimbirani pa 25 madzulo. Ngati simudzafuna kulankhula, ndidzamvetsa."

Onani kumene aneni apita. Ndakumbukira, tikuwasowa, ndatumiza, ndikuimbirani: ntchito zonse zabwerera kwa wolemba, alamu sakulamulidwa kanthu. Tsiku latchulidwanso. "Tidzabwera kudzakuonani" wopanda tsiku aliyense amadziwa kuti ndi ulendo wa pakamwa.

Mng'ono wanga anafunsa ngati "Khirisimasi yabwino" ndi yoletsedwa. Si yoletsedwa, koma isakhale poyambira, ndipo isabwere ndi zithunzi za mabaluni zimene timangotumiza kwa aliyense pa WhatsApp. Kwa alamu, amene ndi a Katolika ndipo sajomba Misa ku parishi ya Nsipe, "Ambuye akhale nanu masiku ano" inakwanira. Mawuwa ndi pemphero lopita kwa Mulungu, sakulamula namfedwa. Koma "chinali chifuniro cha Mulungu" asiyireni iwowo, anene okha akafuna.

Alamu anayankha tsiku lotsatira ndi mawu ochepa: "Zikomo alamu. Tambala wa chaka chino agwira ndi ana."