Njira ziwiri za magazi zimene zimatseka mwana akabadwa

Mwana ali m'mimba sapuma. Mapapo ake amakhala odzaza ndi madzi, ndipo mpweya wa okosijeni amaulandira kwa mayi kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Choncho magazi ambiri amalambalala mapapowo podzera m'njira ziwiri zachidule.

Yoyamba ndi kabowo kotchedwa forameni ovale, kamene kali pakati pa zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima. Magazi ochokera ku nsengwa amafikira m'chipinda chakumanja, n'kudutsa pakabowoka kupita kumanzere, kumene amapopedwa kupita ku ubongo. Yachiwiri ndi kamtsempha kotchedwa dakitasi ateriyosasi, kamene kamapatutsa magazi opita ku mapapo n'kuwathira mumtsempha waukulu wopita m'thupi lonse.

Mwana akangolira koyamba, mapapo amafufuma ndipo mitsempha yake imatseguka. Magazi ambiri amayamba kubwerera kuchokera m'mapapo kulowa m'chipinda chakumanzere, ndipo mphamvu yawo imakankha kachivindikiro kamene kamatseka kabowo kaja. Mwa akulu anayi aliwonse, mmodzi kachivindikiroka sikamatirira kotheratu, koma ambiri savutika nako.

Kamtsempha kaja nako kamafinyika chifukwa okosijeni wachuluka, komanso michere ya pulositagilandini, imene imakatsegula, imachepa nsengwa ikachoka. Kwa mwana wobadwa pa nthawi yake, izi zimachitika pasanathe masiku atatu, ndipo kamazimiririka pakatha milungu iwiri kapena itatu.

Vuto limakula kwa ana obadwa masiku asanakwane. Lipoti la bungwe la WHO la 2012 linasonyeza kuti m'Malawi ana 18 pa 100 aliwonse amabadwa chotere, ndipo malungo, amene ndi ofala m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi chimodzi mwa zoyambitsa.

Tiyerekeze mwana wobadwira pachipatala chachikulu cha Mangochi pa milungu 30, wolemera makilogalamu 1.3. Kamtsempha kake kakapanda kutseka, magazi amabwerera chammbuyo n'kusefukira m'mapapo. Pakatha masiku angapo, namwino amaona kuti mwanayo akupuma koposa ka 60 pa mphindi ndipo nthiti zikulowa m'kati. Dokotala akamvetsera pachifuwa amamva mkokomo wachilendo, koma chitsimikizo chimachokera pa kuunika mtima ndi makina, monga amachitira ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Madokotala amatha kudikira, kupereka mankhwala a ibupulofeni ofinya kamtsemphako, kapena kukamanga pa opaleshoni.

Mankhwala omwewo ndi oopsa kwa mayi wapakati m'miyezi itatu yomaliza, chifukwa angatseke kamtsemphako mwana asanabadwe. N'chifukwa chake saloledwa kumwa ibupulofeni kapena dayikulofenaki wogula pagolosale.

Palinso ana obadwa ndi chilema cha mtima amene moyo wawo umadalira kamtsemphaka. Amaoneka bwino tsiku loyamba, koma kakatseka amafooka, amakana bere, ndipo lilime ndi nkhama zimabiriwira. Mwana wotere ayenera kubwerera kuchipatala nthawi yomweyo.