Pingi Simagulidwa ndi Bandulo

Achinyamata osewera magemu a pa intaneti amakonda kudandaula kuti pingi yakwera, kenaka n'kuthamangira kukagula bandulo yaikulu. Pingi si kuchuluka kwa deta ayi. Ndi nthawi imene uthenga umatenga kuchoka pa makina anu, kukafika pa seva n'kubwerera, ndipo imayezedwa m'mamilisekondi. Mawuwa ndi achingerezi, otsanzira kaphokoso kamene sitima zapamadzi zimatumiza pansi pa nyanja n'kumamvetsera kubwerera kwake.

Gwero la pingi ndi mtunda. Mu chingwe cha faiba, kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi. Choncho makilomita 1,000 alionse amadya mamilisekondi 10, kupita ndi kubwera.

Tiyerekeze anzanu ali ku Lilongwe, Lusaka ndi London. Mukasankha seva ya ku London, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000 upatsa a ku Lilongwe ndi Lusaka mamilisekondi pafupifupi 80, ndipo poti zingwe zimazungulira m'nyanja, amakwera kuposa apo. Seva ya ku Johannesburg ipepukira awiriwo, wa ku London n'kutsalira. Musanasankhe, aliyense ayeze pingi yake pa maseva onsewo, ndipo mutenge imene wovutika kwambiri angaipirire.