Chimfine chimene chinakwera sitima ku Port Herald

Mu Novembala 1918, nkhondo yaikulu yoyamba ikutha, chimfine chinalowa m'dziko muno kudzera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje. Njanji yochokera ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, inali itangotha zaka zitatu. Sitima inanyamula odwala kukwera nawo ku Blantyre, ndipo asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo anafikitsa matendawo m'midzi. Padziko lonse anthu pafupifupi 50 miliyoni anafa. Chodabwitsa chinali chakuti ambiri anali anyamata ndi atsikana amphamvu zawo, omwe akanayenera kukumba manda a ena.

Pa nthawiyo panalibe amene ankadziwa choyambitsa. Kachilombo ka chimfine cha anthu kanapezeka mu 1933.

Kachilomboka kali ndi tizigawo tisanu ndi titatu ta malangizo a mmene kaziberekera. Kwawo kwenikweni ndi m'matumbo a mbalame zam'madzi monga abakha akutchire, ndipo zambiri sizidwala nako n'komwe. Ka mbalame kamavutika kugwira pakhosi pa munthu. Koma nkhumba imalandira konse, ka mbalame ndi ka anthu. Tiwiriti tikakumana m'selo limodzi, tizigawo tija timasakanikirana ngati nyemba za mitundu iwiri pa lichero limodzi. Kotuluka pamenepo kakhoza kuvala chikopa cha ka mbalame, chomwe thupi lathu silinachionepo, koma kakudziwa kale kuyenda pakati pa anthu.

Mu 1957 kachilombo ka anthu kanatenga tizigawo titatu kwa ka mbalame, n'kubadwa H2N2. Mu 1968 kanatenga tiwiri, n'kukhala H3N2. Mliri wa mu 1968 unapepukako m'madera ambiri, mwa zina chifukwa mbali ya chikopa yotchedwa N2 sinasinthe, matupi anaizindikira. Ka 2009, koyambira ku Mexico, kanali kataphikika m'nkhumba kwa zaka, ndipo okalamba ambiri sikanawagwire chifukwa anakumanapo ndi kachibale kake ali ana.

Ndikaima ku Chiromo n'kuyang'ana dambo la Elephant Marsh, nkhaniyi sindiiona ngati yakutali. Mbalame zam'madzi zili mbwee, zina zochokera kumaiko ena. Abakha apakhomo amasambira m'madzi omwewo, madzulo n'kubwerera pabwalo pomwe nkhumba ikufukula pafupi ndi mtondo. Madzi akasefukira, monga pa namondwe wa Freddy mu 2023, anthu ndi ziweto zopulumuka amapanikizana pa kamtunda kamodzi.

Vuto lili pa chizolowezi. Nkhuku zikayamba kugwa timangoti ndi chitopa, n'kuthamangira kuzipha tidye zisanaonongeke. Ndi maso, chitopa ndi chimfine cha mbalame sungazisiyanitse, zimafunika kupimidwa. Zikafa zambiri m'masiku awiri, pamodzi ndi abakha amene chitopa sichiwapha kawirikawiri, kapena wozisosola akayamba kutentha thupi ndi kubanika, mlangizi wa ziweto ndi achipatala amve tsiku lomwelo.