Zikomo wina si wothokoza

Ku Linthipe, m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi boma la Dedza, kumalembedwa malipoti ambiri. Alangizi a zaulimi, ogwira ntchito m'mabungwe ndi ofufuza ochokera m'sukulu zaukachenjede amakhala pansi ndi alimi, kumva zimene akunena, n'kuzilemba. Zolembazo zimamasuliridwa m'Chingerezi ndi kutumizidwa kwa anthu amene sanapondepo ku Dedza. Ndikulankhula ndi munthu amene amapatsidwa pepalalo kuti aliwerenge lisanatumizidwe. Ntchito yake sithera pa kukonza kalembedwe ka mawu. Ayenera kupezanso malo amene wolankhula ananena china akutanthauza china, chifukwa pamenepo ndi pamene wowerenga wakutali adzasochere, iye osadziwa kuti wasochera.

Titenge chitsanzo cha mtundu umene aliyense wolemba za kumudzi angauzindikire. Bungwe lina lalonjeza kalabu ya alimi mbewu ya soya. Mvula kuno imayamba mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo wodzala soya amafuna mbewu ikhale m'nthaka Disembala asanathe. Lipoti likuti:

"Mbewu inafika pa 28 Januwale. Mayi wina wa m'kalabu anati: 'Zikomotu kwambiri abwana, mwatithandiza. Paja mvula ya kuno imadikira galimoto.' Anthu onse anaseka ndi kuomba m'manja."

Pamwamba pa ndimeyi wolemba waika mutu wakuti alimi ayamikira thandizo. Womasulira naye wasunga chiganizo choyamba cha mayi uja, chachiwiri wachitaya poona kuti nchopanda mutu. Wowerenga wa ku Ulaya alandira zikomo, kuseka ndi kuomba m'manja, ndipo chaka chamawa satekeseka mbewu ikachedwanso. Mayiyo anadandaula pamaso pa gulu, mwaluso ndi mwaulemu, koma dandaulo lake lafika kutsidya kwa nyanja ngati chiyamiko. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa munthuyo analimba mtima n'kulankhula, ife olemba ndife tamutseka pakamwa.

Choyamba chimene ndimachita ndi pepala lotere ndi kuyerekeza mawu ndi zochitika zolembedwa pambali pake. Tsiku likunena zina, zikomo akunena zina. Mbewu yofika kumapeto kwa Januwale si yoti mlimi aivinire, ndipo mawu oyamikira akagundana ndi tsiku, muyeso kapena mtengo wa chinthu, chimodzi mwa ziwirizo sichikunena zoona zake. Kawirikawiri tsiku silinama. Njira imeneyi imagwira ngakhale kwa mkonzi amene sanali pamsonkhanopo, malinga akudziwa nyengo ndi ntchito za kumaloko. Mkonzi wosadziwa nthawi yodzala soya awerenga ndimeyo kakhumi osaona kanthu.

Kenako ndimayang'ana timawu ting'onoting'ono. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, moti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timazilemba chimodzimodzi. Ngati pepala likulephera kusiyanitsa ziwirizo, lingasunge bwanji liwu la munthu wonyogodola? Chimene chimatsala ndi tizidutswa monga -tu, paja, ati, eti, nanga, kaya. Mu "zikomotu" ka -tu kaja kakulemeretsa zikomo kupitirira muyezo wake. "Paja" amakumbutsa chinthu chimene tonse tikuchidziwa kale, ndiye akatsogolera chinthu chosatheka, monga mvula kudikira galimoto, wolankhulayo akuitana omvera kuti aone kusathekako limodzi naye. "Ati" amatalikitsa wolankhula ndi mawu amene akubwereza: munthu wonena kuti "ati ndi mbewu yamakono" sakuvomereza kuti ndi yamakono. Timawu timeneti ndi toyamba kutayika pomasulira, popeza Chingerezi chilibe potiika. Choncho mkonzi aziwerenga zolemba za m'Chichewa zoyambirira, asakhutire ndi zomasulira zokha. Koma tisapitirire nazo. Si -tu aliyense wonyogodola; agogo olandira bulangete mwezi wa Juni kuno kozizira akati "zikomotu mwanawe" akuthokoza ndi mtima wonse. Kachidutswako kamangokuuzani kuti imani apa. Chigamulo chimachokera ku zochitika.

Kuseka kwa gulu nakonso ndi umboni. Anthu saseka zikomo weniweni. Lipoti likanena kuti anthu anaseka pambuyo pa mawu ooneka wamba, funsani chimene chinawaseketsa.

Wina angafunse chifukwa chake mayiyo sanangonena kuti mbewu yachedwa. Kwathu kudzudzula mlendo kapena wamkulu maso ndi maso, pagulu, ndi mwano, makamaka ngati wabwera ndi kanthu m'manja. Mawu okuluwika amapatsa wolankhula pothawira ndipo wodzudzulidwa sachita manyazi. Gule Wamkulu amachita zomwezo: chilombo chonga Simoni, cha nkhope yofiira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, chimanena za mlendo zimene pakamwa pa munthu wamba sipanganene. Zaka za chipani chimodzi, mpaka referendamu ya 1993, zinazamitsa chizolowezichi, chifukwa kulankhula mosabisa kunkatsekeretsa anthu. Jack Mapanje, amene ndakatulo zake za m'buku la 1981 zinali zophiphiritsa, anamangidwabe mu 1987. Akuluakulu ambiri okhala pamisonkhano ya ku Linthipe lero anakula m'nthawi imeneyo.

Zimenezi zikukhudza kakonzedwe. Pali okonza amene akapeza mawu onyogodola amawafafaniza, ena amawasandutsa dandaulo lachindunji n'kusiya dzina la wolankhula pomwepo. Njira zonse ziwiri nzolakwa. Yoyamba imabisa uthenga. Yachiwiri imavula mayi uja chofunda chimene anadzifunditsa dala, ndipo lipoti likabwerera kwa amene anabweretsa mbewu, iye ndiye adzatchedwe wamwano. Ine ndingalembe motere: mawu ake akhale monga anawanenera, chiganizo cha mvula chibwezeretsedwe, dzina lichotsedwe pokhapokha mwini wake atavomera, ndipo wolemba awonjezere chiganizo chimodzi m'mawu akeake: "Ponena izi mayiyo ankadandaula kuti mbewu yafika nthawi yodzala itadutsa, ndipo gulu linagwirizana naye." Mutu wa ndime usinthe, unene za kuchedwa kwa mbewu. Musadalire chizindikiro cha mfuwu kapena mitengero kuti wowerenga azindikira yekha, pakuti iye adzayesa kuti mayiyo anathokoza mokweza.

Pali mtundu wina wa nthabwala umene kuopsa kwake kumaposa apa, ndiwo nthabwala za pachibale. Kwa Achewa agogo aamuna amatha kutchula mdzukulu wawo wamkazi kuti "mkazi wanga", agogo aakazi natchula kamnyamata kuti "amuna anga". Asuweni amaseleulana, kulandana zinthu, kutchulana mwamuna ndi mkazi popanda wokwiya. Ku Zambia Angoni ndi Abemba ali ndi chimbuya, chimene chimawalola kunyozana ngakhale pamaliro. Akatswiri a chikhalidwe cha anthu analemba za ubale wotere kalekale, A. R. Radcliffe-Brown anasindikiza nkhani yake yodziwika pa mutuwu mu 1940. Koma wowerenga lipoti lanu sanawerenge zimenezo, ndipo chimene akudziwa cha Dedza mwina n'chakuti Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka pothetsa maukwati a ana, kuti lamulo la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndi kuti malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nazo. Tsono awerenge m'nkhani ya banja lina kuti: "Agogo a zaka 70 analoza kamtsikana ka Sitandade 3 n'kunena kuti uyu ndiye mkazi wanga wondiphikira." Adzaona mlandu. Akhoza kulembera akuluakulu a bungwe, ndipo nkhalamba yosalakwa ifunsidwa mafunso ochititsa manyazi m'mudzi mwake momwe.

Apa timawu tating'ono sitithandiza, ndipo palibe tsiku logundana ndi mawu. Funso lothandiza ndi lakuti: wolankhula ndi wolankhulidwa ndi ndani kwa mnzake? Paliponse pamene pepala lili ndi mawu a ukwati, chitonzo, kuopseza kapena kulanda katundu, koma onenedwa mwamtendere, fufuzani ubale wa awiriwo. Mukapeza kuti ndi gogo ndi mdzukulu wake, kapena ndi asuweni, lembani ubalewo m'chiganizo chomwecho ndi kunena poyera kuti awa ndi macheza ovomerezeka pakati pa abale otere. Ngati nthabwalayo sikuwonjezera kanthu pa nkhani, iyi ndiye yoyenera kuichotsa, chifukwa mosiyana ndi mawu a mayi wa soya, ilibe uthenga wobisika umene ungatayike.

Ndichenjeze mbali inayo, pakuti ndi yolemera. Maukwati a ana alipodi, n'chifukwa chake mafumu akulimbana nawo. Mkonzi amene wazolowera kunena kuti "amangocheza" tsiku lina adzakwirira nkhani yeniyeni. Ngati wonena "mkazi wanga" si gogo wake wa mwanayo, ngati mwanayo wasiya sukulu, ngati akugona kunyumba kwa bamboyo, musalembe kuti ndi nthabwala. Bwererani kwa amene analemba, ndipo iye abwerere kumudzi akafunse. Pepala palokha silingagamule zimenezi.

Tisaganizenso kuti wowerenga wachilendo ndi mzungu yekha. Nthabwala za mkamwini, zimene ku Linthipe zimaseketsa chifukwa mwamuna amakakhala kwa mkazi, zimamveka mwina kwa munthu wa ku Mzimba kapena ku Karonga, kumene mkazi ndiye amapita kwa mwamuna atapereka malowolo. Mwana wa Mmalawi wobadwira ku Johannesburg akhoza kudziwa mawu onse a m'chiganizo koma osamva kuti azakhali ake akumunyogodola.

Poyesa komaliza, pezani munthu amene sanali pamsonkhanopo ndiponso si wa kuno. Mpatseni ndimeyo awerenge chamumtima, inu osamuwerengera, chifukwa liwu lanu lidzabwezeretsa zimene pepala lataya. Akatha mufunseni kuti wolankhulayo anali wokondwa kapena wodandaula, ndipo amafuna chichitike n'chiyani. Akayankha kuti mayi uja anakondwa ndi mbewu, ndimeyo sinakonzeke, ibwerere pa tebulo.