Pamene Chipukuta Misozi Sichikwanira: Chiletso ndi Lamulo Lokakamiza Kukwaniritsa Mgwirizano

Munthu akaphwanya mgwirizano, kawirikawiri bwalo la milandu limalamula kuti apereke chipukuta misozi. Koma pali milandu ina imene ndalama sizingakonze cholakwacho, ndipo bwalo limagwiritsa ntchito njira ziwiri zimene dziko la Malawi linatengera ku malamulo a ku Mangalande.

Njira yoyamba ndi lamulo lokakamiza wolakwayo kuchita zimene analonjeza. Lamuloli limaperekedwa makamaka pa nkhani za malo, popeza malo alionse ali ndi mkhalidwe wake ndipo wogula sangapeze ena ofanana nawo ndendende.

Mlandu wa Beswick, umene bwalo lalikulu la ku Britain linagamula mu 1967, ukusonyeza bwino mfundoyi. Mu 1962, a Peter Beswick anapereka bizinesi yawo yogulitsa malasha kwa mwana wa m'bale wawo. Iyeyo analonjeza kuti mkuluyo akadzamwalira, azidzapatsa mkazi wamasiye mapaundi 5 sabata iliyonse. A Beswick atamwalira mu 1963, iye analipira kamodzi kokha n'kuleka.

Mayiwo sakanatha kusuma m'dzina lawo chifukwa sanali mbali ya mgwirizanowo, choncho bwalo linawamvera ngati woyang'anira chuma cha malemuwo. Komabe chumacho sichinataye kanthu, popeza ndalamazo zinali zopita kwa mayiwo, kotero chipukuta misozi chikanakhala chongoyerekeza. Pachifukwachi bwalo linalamula wolonjezayo kuti alipire monga anagwirizana.

Njira yachiwiri ndi chiletso, chimene chimaimitsa munthu kuchita chinthu, monga kugulitsa kwa wina malo amene pali mkangano. Malinga ndi malamulo oyendetsera milandu ku bwalo lalikulu la Malawi a 2017, chiletso chogwira ntchito podikira chigamulo chimaperekedwa ngati pali nkhani yeniyeni yofunika kuzengedwa, ngati ndalama sizingakwanire kukonza cholakwacho, ndiponso ngati chilungamo chikufuna kutero. Mfundozi n'zofanana ndi za mlandu wa American Cyanamid wa 1975.

Kawirikawiri wopempha chiletso amalonjeza kudzalipira mnzakeyo zimene wataya zikadzapezeka kuti chiletsocho sichinali choyenera. Akachipempha winayo palibe, ayenera kuulula zonse, ngakhale zomuipira, apo ayi chiletsocho chingachotsedwe.

Njira ziwirizi si ufulu wa wodandaula ayi. Woweruza ndiye amaona ngati n'zoyenera. Bwalo lingakane ngati wodandaulayo anachedwa kusuma kapena iye mwini sanachite chilungamo. Silikakamizanso munthu kugwirira wina ntchito, ndipo limapewa lamulo lofuna kulondoloza tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mu 1997 bwalo la ku Britain lija linakana kukakamiza kampani ya Argyll kuti isatseke sitolo yake ku Sheffield.

Wonyozera lamulo lotere amakhala wanyoza bwalo, ndipo angalipitsidwe chindapusa kapena kutsekeredwa m'ndende.